Tsiku Limene Masamu Tinawavotera

Ndisanapite ku Mambwe Loweruka lija la kumapeto kwa Juni, sindinkadziwa kuti yankho la samu lingapezeke pokweza manja. Ndinakaziona ndi maso angawa, ndipo okweza manjawo sanali ana. Anali aphunzitsi a masamu, ena a imvi, ena a mataye, anthu amene tsiku ndi tsiku amalalatira ana kuti aonetse njira imene adutsa.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi ku Msoro, kwathu komwe ndinabadwira. Ndinali nditangobwera kumene kuchokera ku koleji, ndipo kalata yonditsimikiza pa ntchito inali isanafike. Chaka chilichonse aphunzitsi a masamu a m'boma lathu ankakonza mpikisano. Sukulu iliyonse inkabweretsa ana ake, onse n'kulemba pepala limodzi, ndipo atatu opambana ankakwera kupita ku Chipata kukapikisana ndi a maboma ena. Sukulu yathu inali isanatumizeko mwana ngakhale mmodzi. Ife ku mpikisanoko tinkapita kukadzaza mabenchi ndi kukaombera anzathu m'manja.

Chaka chimenecho ndinali ndi mtsikana wina wa giredi 12 amene ndinkamudalira. Sanali wolongolola, ndipo m'kalasi ankakweza dzanja mochedwa, anzake atafuula kale mayankho olakwa. Ankachedwa chifukwa chakuti yankho lililonse ankayamba walibweza m'funso kuti aone ngati likukhala. Chinali chaka chake chomaliza, kotero mwayi wa ku Chipata unali umodzi wokhawo. Iye anali asanatulukepo m'chigwa muno chibadwire. Loweruka lililonse la Meyi ndi Juni, a kwawo ali kalikiliki kutola thonje, iye ankabwera kusukulu kuti tikonzekere, zala zili zokandikakandika ndi thonje la dzulo lake. Tsiku lina anandifunsa ngati n'zoona kuti ku Chipata kumazizira mpaka mpweya wa m'kamwa kuoneka. Ndinamuuza kuti akadzionere yekha.

Pa mapepala a zaka zam'mbuyo sipankalephera kukhala funso la masamu a zotsala, amene m'mabuku amawatchula kuti modyulo. Masamu amenewa sali pa silabasi ya tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake okonza mpikisano amawakonda, kuti aone mwana amene wawerenga kupyola pa mpanda. Ndinkawaphunzitsa motere. Ukamva kuti modyulo 7, dziwa kuti nambala iliyonse ukuigawa ndi 7, ndipo chimene ukusamala ndi chotsala chokha. 15 ndi 1 n'zofanana, chifukwa ukachotsa ma 7 awiri pa 15 patsala 1. Ndiye funso likati 3x ≡ 4 (mod 7), likufuna nambala imene ukaichulukitsa ndi 3 n'kuigawa ndi 7, patsale 4.

Mwana aliyense poyamba amathamangira kugawa 4 ndi 3, monga anazolowera, n'kupeza kachidutswa kopanda ntchito. Kuno zidutswa kulibe. Chimene umachita ndi kufuna nambala imene ukaichulukitsa ndi 3 patsale 1, ndipo nambala imeneyo ndiyo invesi ya 3. Umayesa imodziimodzi: 3, 6, kenako 9 amene asiya 2, kenako 12 amene asiya 5, kenako 15 amene asiya 1. Wafika pa 15 utachulukitsa ndi 5, ndiye invesi ndi 5. Imapezeka chifukwa 3 ndi 7 alibe nambala ina yowagawa onse awiri kupatula 1. Ukaipeza sunamalize. Umachulukitsa nayo mbali zonse ziwiri: kumanzere 15x, amene ndi x yekha, kumanja 20, amene asiya 6. Yankho ndi x ≡ 6. Ukalibweza m'funso, 3 kuchulukitsa ndi 6 ndi 18, kuchotsa 14 patsala 4. Ndinkawauza ana mpaka kutopa nazo kuti mbali zonse ziwiri, mbali zonse ziwiri, ndipo mtsikana uja anazimva tsiku loyamba.

Mkulu wa mpikisanowo tinkangomutchula kuti a Tcheya. Ankaphunzitsa pa sukulu yaikulu ya ku Mambwe imene mpikisano unkachitikira, ndipo anatsika kuchokera kumtunda zaka zambiri zapitazo koma anali asanatikhululukire chifukwa cha kutentha kwa kuno. Anali ndi digiri, ndipo munthu sukanatha naye mphindi zisanu osadziwa zimenezo. Ankavala jekete ngakhale mu Okutobala, nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa. Zolembera zitatu zinkakhala pathumba la pachifuwa, chofiira pakati. Mafunso a mpikisano ankalemba ndi iwo, kiyi ya mayankho ankalemba ndi iwo, ndipo woyang'ana ngati kiyiyo ili bwino analinso iwo omwewo. Tsiku lonyamuka ahedi athu anandikokera pambali n'kundiuza kuti bambo ameneyo mawu ake amamveka kutali, choncho ine wopanda kalata ndikaseke naye bwino.

Tinanyamuka m'mamawa pa kanta, kalole kapululu kumbuyo, ana asanu ndi ine, ndipo tinafika tonse tili mbuu ndi fumbi mpaka m'nsidze. A Tcheya anatilandira pakhonde.

"Ehe, a ku Msoro afika," anatero. "Muli bwanji, madamu? Mwabwera kudzaonerera?"

"Tili bwino, a Tcheya, kaya inu. Tabwera kudzalemba."

"Chabwino, chabwino. Kulemba ni kwa aliyense."

Ana analemba kuyambira naini mpaka ileveni. Nditaona pepala la mafunso, mtima unakhala pansi. Funso lomaliza, la malikisi asanu, linali lomwe lija: pezani x mu 3x ≡ 4 (mod 7) pogwiritsa ntchito invesi. Ndinasuzumira pawindo n'kuona mtsikana wanga ataweramira pepala, milomo ikuyenda.

Kachongedwe kathu kanali ka lamba, monga timachitira pa mayeso aakulu. Aphunzitsi khumi tinakhala mondondozana, aliyense ndi mafunso ake, pepala n'kumayenda kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo. Ine anandipatsa mafunso awiri oyambirira. Lomaliza linagwera mphunzitsi wina wachinyamata amene anakhala kumapeto, kiyi ili patsogolo pake. Ubwino wa lamba ndi wakuti ntchito imathamanga. Kuipa kwake n'kwakuti palibe amene amaganiza. Diso limaona yankho la mwana, limaona la pa kiyi, dzanja n'kuchonga kapena kudula. Pamapepala panalibe mayina, panali manambala okha, kuti pasakhale kukondera. Tonse tinkalemekeza lamulo limeneli ndi nkhope zaulemu, ngakhale aliyense ankadziwa kalembedwe ka ana ake monga adziwira mbuzi za m'khola mwake.

Cha m'ma 13 koloko mlembi wa komiti yathu yochonga analemba zotsatira pabolodi. Awiri oyamba anali patali, osafikirika. Wachitatu anali ndi 64, ndipo a Tcheya atangoona nambala yake anayamba kusisita taye, tonse n'kudziwa kuti ndi mnyamata wa m'kalasi mwawo. Wachinayi, ndi 58, anali mtsikana wanga.

Mwambo wake unali wakuti mayina asanalengezedwe, mphunzitsi aliyense ali ndi ufulu woona mapepala a ana ake. Kawirikawiri palibe ankadzivuta, chifukwa nthawi imeneyo fungo la mpunga ndi nkhuku limakhala litayamba kale kulowera m'mawindo. Ine ndinapempha pepalalo. Ndinatsegula kumapeto n'kupeza zonse zili m'malo mwake: invesi 5, 15x ≡ 20, x ≡ 6, ndipo pansi pake, ngakhale palibe anamufunsa, analemba kuti 18 kuchotsa 14 ndi 4. Pamwamba pa zonsezo panali mtanda wofiira waukulu ndi ziro.

Ndinapita kwa wachinyamata uja. "Aphunzitsi, apa mwadula chifukwa chiyani?"

Sanayang'ane n'komwe pepalalo. Anangoloza kiyi ndi chala. "Ansala ni faifi, madamu."

Ndinatenga kiyiyo. Inali m'kalembedwe kokongola ka a Tcheya, mizere iwiri yokha: 3 × 5 = 15 ≡ 1, choncho x ≡ 5. Munthu wa digiri anapeza invesi n'kukhala pansi kupuma, 4 uja n'kumusiya ali chiimire kumanja osamukhudza. Ndinadziwanso kumene zinachokera. Panali kabuku kena ka fotokope kamene kankayenda m'manja mwa aphunzitsi zaka zimenezo, ndipo zitsanzo zake zonse zinali ndi 1 kumanja, monga 3x ≡ 1 (mod 7). Pamenepo invesi ndiyo yankho, palibe chotsutsa. A Tcheya analoweza kabukuko, ndipo polemba funso lawo anasintha 1 kukhala 4 kuti lioneke latsopano, yankho n'kulisiya lakale.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinaimirira.

"A Tcheya, pepani, kiyi ili ndi vuto pa funso lomaliza."

 Wina amene anali atanyamula kale chikwama anachibweza pansi mokwiya.

"Vuto?" anatero a Tcheya, akumwetulira ngati ndawauza nthabwala. "Madamu, kiyi iyi inayang'anidwa."

"Ndi ndani?"

A Tcheya anasintha nkhani. Anati, "Munaphunzira kuti, madamu? Ni dipuloma muli nayo, eti? Modyulo ija munaigwirako pang'ono?"

"Pang'ono pomwepo. Tiyeni tingoika faifi wanuyo m'funso. Fili taimusi faifi ni fifitini. Kuchotsa fotini, patsala wani. Funso lifuna folo."

Ndinapita kubolodi n'kulemba zonse, monga ndinkalembera ana anga. Ndinalemba invesi, ndinachulukitsa mbali zonse ziwiri, ndinafika pa 6, ndinamubweza m'funso. Ndinawonjeza kuti 13 kapena 20 nawonso akhoza, popeza onse asiya 6, koma 5 sangakhoze ngakhale atavala jekete. Mawu omalizawo sindinayenere kuwanena, koma anali atatuluka kale. Nditatembenuka ndinapeza nkhope zisanu ndi zitatu zikuyang'ana madesiki. Onsewo ankadziwa kuchotsa 14 pa 15. Amene ankayang'ana ine anali a Tcheya okha.

Pakhoma panali kalendala ya kampani ina ya mbewu. Ndinaganiza kuti mwina bolodi lawachulukira, ndiye ndinapita pa kalendalapo. Sabata ili ndi masiku 7, ndinatero. Tiyambire Lamlungu, tizilumpha masiku atatuatatu, tione kuti tilumpha kangati kuti tigwere Lachinayi, tsiku la nambala 4. Panali mphunzitsi wina wachikulire wochokera cha ku Kawaza, munthu wofatsa amene anatsala pang'ono kupuma pa ntchito, ndipo ndinamupempha kuti awerenge iyeyo kuti anthu asanene kuti ndikubera. Anaimirira monyinyirika n'kuika chala pa kalendala.

"Lachitatu," anatero. "Loweruka. Lachiwiri. Lachisanu. Lolemba."

"Ni kangati apo, aphunzitsi?"

"Faifi."

"Mwagwera liti?"

"Lolemba."

"Lumphaninso kamodzi."

Chala chinayenda. "Lachinayi," anatero motsitsa, n'kukhala pansi msanga ngati wagwidwa akuba.

A Tcheya anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Anati sitinabwere kudzawerenga makalendala. Kenako anati funso likunena za invesi, ndipo ana amene alemba 5 apeza invesi, nanga alakwa chiyani. Ndinawayankha kuti funso likuti pezani x, invesi ndi chogwirira ntchito chabe. Ukatuma mwana kumjigo ndi ndowa, iye n'kubwera ndi ndowa yopanda madzi, sunganene kuti watunga chifukwa ndowa wabwera nayo. Wina kumbuyo anaseka, n'kusandutsa kusekako chifuwa.

Ndinanena chimene chinali choyenera, ndipo ngakhale lero ndikhoza kuchinenanso. Olemba 6 ndi njira yake alandire malikisi onse asanu. Olemba 5 alandire awiri a invesi, popeza theka la ulendo anayenda. Mlembi anatulutsa mapepala onse n'kuyang'ana funso lomaliza. Ana onse a sukulu ya a Tcheya analemba 5, onse ndithu, mzere ndi mzere mofanana ndi kiyi. Sindikuwanena anawo. Mwana amalemba chimene wamwetsedwa, ndipo mnyamata wa 64 uja anali wakhama, mafunso enawo anawakhoza bwino. Wolemba 6 m'boma lonse anali mmodzi. Awiri oyamba aja sakanasuntha mulimonse. Nkhani inali pa malo achitatu: mtsikana wanga akanakwera kufika 63, mnyamatayo akanatsika kufika 61.

Ndinaona maso a a Tcheya akuyenda pabolodi, kuchoka pa 64 kupita pa 58 n'kubwerera. Milomo inagwedera pang'ono. Samu imeneyo anaikhoza msanga ndithu, ndipo sanafune kabuku ka fotokope.

"Anzanga," anatero ndi mawu ofewa a munthu wopempherera chakudya, "tisakangane, ana panjapa angatimve. Masamu ni otakata. Madamu ali ni njira yao, ise tili ni yathu. Manje kuti pasakhale wodandaula, tilandire zonse ziwiri. Faifi yapita, sikisi yapita. Aliyense malikisi faifi."

Aliyense malikisi asanu: mtsikana wanga 63, mnyamata wawo 64.

Ndinati zimenezo sizingatheke, chifukwa 5 ndi 6 sizisiya chotsala chimodzi, ndipo funsoli lili ndi yankho limodzi lokha pakati pa 0 ndi 6. Ndinati ngati 5 ali wolondola, wina abwere pabolodi aonetse. Palibe anabwera. M'malo mwake anaimirira wachikulire wa ku Kawaza uja, yemwe uja chala chake chinagwera Lolemba. Anayamba ndi kuthokoza a Tcheya chifukwa cha mtima wawo wofuna mtendere. Anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo iye monga wamkulu akupempha mwana wake, kunena ine, kuti ndisaumitse khosi. Anati mwana wa madamu wapatsidwa malikisi ake onse, palibe chimene wamanidwa. Anakumbutsanso kuti nthawi yapita, ena tikuchokera kutali, ndipo ana ali ndi njala panja. Za njala ya ana anazinena akuyang'ana kukhitchini.

Ndaonapo anthu amantha, koma mantha a munthu wophunzira ndi onyansa mwapadera, chifukwa amabwera atavala mwambi. Bambo ameneyo akanangoti ndikuopa, ndikanamumvera chisoni.

"Tichite mwa demokalase," anatero a Tcheya. "Amene akuti tilandire zonse ziwiri, manja m'mwamba."

Loyamba kukwera linali la wachinyamata wochonga uja, ndipo ndinamumvetsa, chifukwa kusintha kiyi kukanatanthauza kuti iye achongenso mulu wonse. Kenako la mlembi. Kenako enawo, limodzilimodzi, aliyense akuyamba wayang'ana mnzake. Mayi wina amene ndinkakhala naye benchi limodzi ku koleji anakweza lake theka, chigongono chili padesiki, ngati akukanda khutu. Linawerengedwa lonse. Wachikulire uja anakweza dzanja lomwe linawerenga masiku. Kuwonjezera la a Tcheya, manja asanu ndi anayi.

"Otsutsa?"

Ndinakweza langa.

"Naini kwa wani," anatero a Tcheya, ndipo mlembi analemba m'maminitsi kuti komiti yagwirizana kuti funso lomaliza lili ndi mayankho awiri. Ndikhulupirira kuti bukulo likadalipo m'kabati ina. Ndimalakalaka mwana wa giredi 8 atalipeza.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepo, ine dzanja lili m'mwamba ndekha. Ndaifotokozapo kangapo pa maphwando n'kuithera pomwepo, anthu n'kumandiyamikira. Koma panatsala pepala la zotsatira, limene lamulo linkati wochonga aliyense asaine lisanapite ku Chipata. Popanda siginecha imodzi, a kumeneko akanafunsa chifukwa chake, ndipo akanapempha kuona kiyi. Zimenezo ndinkazidziwa ine, ankazidziwanso a Tcheya. Pepalalo linazungulira monga lamba uja, n'kufika pa ine pomalizira.

A Tcheya anabwera okha kudzaima pambali panga. Anasolola cholembera pathumba lawo n'kundipatsa. Sanaopseze ayi. Anangofunsa mwaulemu, motsitsa mawu, kuti kalata yanga ija yafika pati, n'kunena kuti zinthu zoterezi zimachedwa munthu akakhala wosadziwika bwino. Anati mtsikana waluntha ngati ine ali ndi tsogolo m'bungwe lathu la aphunzitsi a masamu.

Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndinadziuza choncho. Ndinadziuzanso kuti ndayesetsa, kuti maminitsi akusonyeza kuti ndinatsutsa, kuti ahedi anandichenjeza, kuti mayi anga ndi ang'ono anga akuyang'ana ine. Zifukwa zinabwera zambiri ndiponso mwamsanga, ndipo ine amene ndinali nditangonyoza mnzanga chifukwa cha mwambi ndinapeza kuti wanga ndinali nawo kale m'thumba. Ndinasaina. Siginecha yanga ili pamzere wachikhumi, yooneka bwino kuposa ena onse.

Mayina anawalengeza pabwalo, pansi pa mtengo, ana atakhala pa udzu wouma. A Tcheya analankhula nthawi yaitali za kufunika kwa masamu pa chitukuko. Atatu aja anaitanidwa kutsogolo n'kugwidwa chanza. Kenako anati pali mtsikana wina wa ku Msoro amene wayesetsa kwambiri, wangoperewera ndi malikisi amodzi okha, timuombere m'manja kuti a kumidzi nawonso alimbikire. Anthu anaomba. Iye anaimirira, anapinda maondo pang'ono mwaulemu, n'kukhalanso pansi. Mpunga uja ndinadya nawo, ndisaname.

Pobwerera ndinakana kukhala kutsogolo ndi dalaivala, ndinakwera kumbuyo ndi ana. Anayi enawo anali osangalala, ankaimba ndi kuwerengerana zidutswa za nkhuku zimene anadya. Mtsikana uja anakhala pakona atafunda chitenje kumutu chifukwa cha fumbi. Tinadutsa minda ya thonje, anthu akumanga mabelo m'mbali mwa msewu. Titalowa m'nkhalango ya tsanya, kanta ikuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha mabampu, anasendera pafupi nane.

"Madamu, funso lothera lija. Ansala ni sikisi, eti?"

"Ni sikisi."

"Anzanga a pa sukulu paja akuti ni faifi. Akuti aphunzitsi awo anawauza."

"Ni sikisi. Unakhoza, anakupatsa malikisi onse."

Anapumira m'mwamba. "Ndinaibweza m'funso kawiri," anatero. Kenako anafunsa chimene ndinkaopa. "Nanga a faifi aja anawadula?"

Apa ndiye panali pomuuza. Anali wa zaka 18, wanzeru kuposa anthu asanu ndi anayi amene ndinawasiya ku Mambwe, ndipo akanamva zonse mpaka pa siginecha. Chimenecho n'chimene sindinafune kuti amve.

"Za ena zisiye," ndinatero. "Iwe yang'ana zako. Pa funso lachiwiri unaiwala mainasi, ndinachonga ndine. Malikisi awiri anapita pamenepo. Ukanasamala, bwenzi ukupita ku Chipata."

Zinali zoona. Mainasiyo anaiwaladi, ndipo ndinamudula moyenera. Ndinasankha choona chimene chinkandipulumutsa ine n'kumusenzetsa iye, ndipo ndinachinena ndi mawu a mphunzitsi wolangiza mwana.

Anandiyang'ana, maso ali ofiira ndi fumbi. Ndinkayembekeza kuti afunsanso, mwina ndikanagonja. Sanafunse. Anaweramitsa mutu n'kuyamba kukanda chilonda cha thonje pachala chake.

"Pepani, madamu," anatero. "Munataya Maloweruka anu onse chifukwa cha ine. Ndakuchititsani manyazi."

Ndinamuuza kuti asadandaule, ndamukhululukira.